Ndilembe zingati za ine pa Facebook?

"Abale, ndayamba ntchito ku munda wa nzimbe ku Nchalo ndipo ndikufuna mkazi womanga naye banja. Kodi pa Facebook ndilembe kumene ndikugwira ntchito, malipiro, sukulu imene ndinafika ndi mayina a makolo anga, kuti anthu andione kuti ndine wolongosoka?"

Achimwene, poyamba zikomo kuti ntchito yapezeka. Ine ndikuti mulembe mtundu wa ntchito ndi sukulu, malipiro musatchule, ndipo mayina a abale muwabise ndithu. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kuika malo a ntchito pamodzi ndi mayina a abale poyera, chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene ziwirizi zimachita zikakumana.

Mlongo wanga anali atalemba zonse: gawo limene amagwira, mudzi wathu kwa Ngabu, dzina la mayi, dzina langa, ndi chithunzi ali mu yunifomu. Tsiku lina masana mayi akusankha thonje pakhonde, foni inalira. Woimbayo anatchula mlongo wangayo mayina onse awiri, anatchula gawo lake, nati wavulala ndi thirakitala, pakufunika K60,000 ya galimoto yomutengera ku Blantyre. Anawonjeza kuti ine wandiuza kale, nkutchula dzina langa. Mayi anasiya lichero pomwepo, nathamangira kwa wotumiza ndalama pa msika, osavala ndi nsapato zomwe pa dzuwa lathu lija. Anaimbira mwana wawo kawiri koma sanayankhe, poti ali m'munda foni amaisiya m'chikwama. Ndalama ya mbuzi imene anagulitsa inapita. Nambala ya mayi wakubayo sanavutike nayo, inali pa uthenga wa maliro umene tinafalitsa tokha. Mayi sanali opusa ayi. Munthu wodziwa mayina atatu a pakhomo panu amamveka ngati mnansi.

Nchifukwa chake pa ntchito lembani mwachidule, monga "ndimayendetsa thirakitala" kapena "ndimagwira ntchito za ulimi", osatchula gawo kapena kapitawo wanu. Za kwanu, boma likukwana: Chikwawa kapena Nsanje. Mudzi ndi nyakwawa zisiyeni.

Malipiro ndiye ayi. Ntchito zambiri za nzimbe nzapanyengo, yodula ikatha mvula ikamayandikira ena amabwerera kumudzi, koma chiwerengero chimene munalemba chimatsalabe m'mitu ya anthu. Odzakongola adzawerengera chimenecho, ndipo kuchikazi nako akhoza kuchikumbukira pokamba za malowolo. Chimodzimodzi ng'ombe. Kujambula khola lonse nkulemba kuti "zathu izi" ndi kuitana akuba, ndipo tonse a kuchigwa kuno tikudziwa mmene ng'ombe zimasowera usiku.

Sukulu lembani zoona, MSCE ngati muli nayo, kapena luso limene munaphunzira. Musakweze, mkazi wabwino adzazindikira. Koma satifiketi yeniyeniyo musaijambule, chiphaso cha unzika chimodzimodzi, popeza pali dzina lonse ndi manambala. Tsiku lobadwa bisani chaka, makamaka ngati chakacho ndicho nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndipo ngati zili choncho isintheni lero.

Ndikumva nkhawa yanu, yoti mukabisa zambiri mkazi adzaganiza kuti muli ndi banja kwina. Nkhawayo njoona, ife akazi timakayikira mbiri yopanda nkhope. Ndiye ikani chithunzi chooneka bwino nkhope, dzina lanu lenileni, ndi kunena poyera kuti simuli pabanja. Zina zija, mfunda wanu, kaya kwanu nkwa Asena olowola kapena kwa Amang'anja kumene mwamuna amakakhala chikamwini, kaya muli ndi mwana kale, mumuuze pakamwa mukayamba kucheza zenizeni, musadikire kuti amve kwa ena. Zotsalazo adzafufuza ndi ankhoswe, ndiyo ntchito yawo.

Pokonza, pitani pa mbiri yanu, gawo la About. Chinthu chilichonse, monga Work kapena Family members, chili ndi posankha woti achione: Public ndi aliyense, Friends ndi anzanu, Only me ndi inu nokha. Abale ikani Only me, ntchito ikani Friends. Mu Settings pezani "Who can see your friends list?" musankhenso Only me, chifukwa akuba amapeza achibale poona mayina ofanana pa mndandandawo. Kenaka dinani timadontho titatu pa mbiri yanu, musankhe View As, muone zimene mlendo akuona. Dziwani kuti chithunzi cha nkhope ndi chachikulu chapamwamba chija zimaoneka kwa aliyense, choncho musaikepo cha yunifomu yokhala ndi baji. Komanso Friends sikuteteza kanthu ngati mumavomera aliyense wopempha ubwenzi.

Mukatha zimenezi aimbireni mayi, muwapatse nambala ya mnzanu mmodzi wa kuntchito amene amayankha foni, ndipo mugwirizane kuti wina akaimba za ngozi, asatumize ngakhale K1,000 asanalankhule ndi inu kapena mnzanuyo.