Mawu otsanzikana a Giredi 12: kulankhulira anzako popanda kudzitama

"Aphunzitsi, ndine mtsikana wa Giredi 12 pa sukulu ina kuno ku Chipata. Ndinakhala woyamba pa mayeso a moko, ndiye ahedi andisankha kuti ndikalankhule m'malo mwa anzanga pa mwambo wotsanzikana. Andipatsa mphindi zisanu. Anzanga ena amanena kale kuti ndimadzimva. Ndilankhule bwanji kuti ndisaoneke wodzitama?"

Mwanawe, usayambe ndi kulemba. Yamba ndi kufunsa. Ukakhala pansi wekha ndi pepala, zimene zidzatuluka m'mutu mwako ndi za moyo wako, chifukwa ndizo uzidziwa: usiku umene unawerenga, phunziro limene linakuvuta, mphunzitsi amene anakukonda. Ngakhale uziveke mawu ofatsa motani, idzakhalabe nkhani ya munthu mmodzi, ndipo anzako adzaimva choncho.

Kutatsala sabata ziwiri, dula timapepala ndipo upemphe mamonita agawe m'makalasi onse a Giredi 12, osati m'kalasi mwako mokha. Pa kapepala kalikonse pakhale mafunso awiri: tsiku liti limene sudzaliiwala pa sukulu pano, ndipo ndani anakuthandiza amene sanathokozedwepo poyera? Asalembe maina awo. Ngati sukulu yanu ili ndi ogonera pomwepo ndi oyendera, mbali zonse ziwiri ziyankhe, chifukwa wa ku boding'i akumbukira belu la m'mamawa ndi mzere wa nsima, pamene woyendera akumbukira kupalasa njinga m'matope a Febuluwale. Mayankho akabwera, uwaunjike molingana ndi zimene akunena. Milu itatu yaikulu ndiyo mawu ako. Chimene chinatchulidwa ndi munthu mmodzi yekha, ngakhale chikusangalatse, chisiye.

Mphindi zisanu ndi zochepa. Polankhula modekha pa maikolofoni, m'holo momwe mawu amabwerera, munthu amatha mawu a Chinyanja pafupifupi 90 kapena 100 pa mphindi. Choncho usapitirire mawu 450. Theka la mphindi lipite ku malonje, mphindi zitatu ku nkhani zitatu zija, mphindi imodzi ku kuthokoza, ndipo theka lotsala ku kutsanzika. Mndandanda wa malonje ukautenge kwa achiwiri kwa ahedi tsiku lisanafike: mlendo wolemekezeka poyamba, oimira ofesi ya zamaphunziro ya DEBS ngati abwera, ahedi, a komiti ya makolo, aphunzitsi, makolo, kenaka ophunzira anzako. Ngati padzakhala mfumu kapena nduna yake, funsa malo ake pa mndandandawo ndi dzina laulemu loyenera. Ukalakwitsa pamenepo, akuluakulu sadzamvanso zotsatira.

Tsopano taona momwe chiganizo chimodzi chimasinthira. Ophunzira ambiri amene akhoza bwino amalemba motere: "Ndinkadzuka 3 koloko usiku kuwerenga pamene ena ali m'tulo, ndipo lero ndaona phindu lake." Mawuwa ndi oona, koma ali ndi minga iwiri. Akuika iwe pakati, ndipo akunena kuti ena aja anali aulesi. Tiyerekeze kuti timapepala tambiri tatchula za kuzima kwa malaiti. Ukhoza kunena kuti: "Malaiti akapita nthawi ya pulepu, palibe amene ankanyamuka. Tinkakokera madesiki pamodzi, anthu asanu ndi mmodzi pa tochi imodzi, wina akuwerenga funso mokweza, ena akuyankha mumdima." Khama lako lilimo ndithu, koma aliyense amene anakhala pa desiki lija adzadziona. Udzadziwa kuti wagunda poyenera ukamva kang'ung'udza kovomereza kumbuyo kwa holo.

Zimene munakumana nazo nonse zimagwira bwino ntchito imeneyi. Amene anali pa sukulu mu 2020 akumbukira kutsekedwa kwa masukulu chifukwa cha kolona. Mu 2022 boma linachotsa fizi m'masukulu ake, ndipo makalasi ambiri anadzaza. Mu 2024 kolera inachedwetsa kutsegulira mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo chaka chomwecho chilala chinabweretsa njala ndi kuzimazima kwa malaiti. Tenga chimodzi chokha chimene chinakhudza gulu lanu, uchisimbe ndi zimene maso anu anaona pa sukulu panupo.

Pali misampha iwiri imene imagwira ana ofatsa, ndipo ndikufuna uisamale kwambiri. Woyamba ndi kudzichepetsa konena pakamwa: "Ine sindine kanthu, sindinayenere kuima pano." Ukatero wabwezanso maso onse pa iwe, ndipo mnzako amene sanakhoze bwino pa moko adzadzifunsa kuti ngati woyamba sali kanthu, nanga iye ndi chiyani. Malo ako pa mayeso usawatchule n'komwe. Wotsogolera mwambo adzakhala atanena kale pokuitana. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Ndaima pano ndi mawu amene anzanga andituma." Ndipo chidzakhala choona, chifukwa timapepala tija uli nato.

Wachiwiri ndi uphungu. Usawalangize anzako kuti alimbikire, apewe zibwenzi, kapena asataye mtima. Mawu amenewo ndi a mlendo wolemekezeka ndi ahedi. Akatuluka m'kamwa mwa mnzawo wa msinkhu umodzi amamveka ngati akuti chitani ngati ine. Pomwepanso samala ndi mawu akuti "tonse". Moko si mayeso omaliza a ECZ, ndipo zotsatira zenizeni palibe amene akuzidziwa. Ukanena kuti tonse tidzakumana ku yunivesite ya UNZA, ambiri m'holomo adzadziwa kuti sukunena iwo. Tchula njira zingapo ndi ulemu wofanana: ena ku yunivesite, ena ku koleji ya uphunzitsi kapena unesi, ena ku maphunziro a ntchito zamanja, ena ku munda wa nshawa ndi soya, ena pa sitandi ku msika wa Kapata. Usaike yunivesite poyamba nthawi zonse. Kumbukiranso, mosatchula maina, amene munayamba nawo koma anasiyira panjira.

Pothokoza, funso lachiwiri lija lidzakupatsa anthu amene saitanidwa kutsogolo: ophika, alonda a pageti, ametironi, agogo amene anagulitsa mbuzi kuti mdzukulu apeze yunifomu. Ngakhale sukulu ifune kuti ulankhule m'Chingelezi, pempha kuti mphindi ya makolo ikhale m'Chinyanja, uwayang'ane iwowo, utsike pang'ono mwaulemu monga umachitira kunyumba. Aphunzitsi uwathokoze onse pamodzi. Ukatchula awiri amene anakuphunzitsa iwe, wabwereranso ku nkhani yako. Dzina la mnzako ulitchule pokhapokha wamupempha ndipo wavomera, ndipo nthabwala yokhudza kulephera, thupi kapena umphawi wa munthu isalowemo.

Ukatha kulemba, tenga bolopeni yofiira uzungulize paliponse pamene pali "ine", "ndina-" kapena "wanga". Zikapitirira zitatu m'mawu 450, bwerera ukasinthe. Kenaka uwerengere mokweza anthu awiri: mphunzitsi wa chiyankhulo, kuti aone malonje ndi nthawi, ndi mnzako wa kalasi ina amene sakuopa, makamaka mmodzi wa amene amati umadzimva. Usamufunse ngati zili bwino, chifukwa adzangoti inde. Umufunse kuti ndi pati pamene wadzimva kuti alimo, ndipo ndi pati pamene waona kuti ukunena za iwe wekha. Pamene waloza, konza usanapereke pepala kwa ahedi.

Ulembe ndi zilembo zazikulu pa mapepala awiri, mbali imodzi yokha, ndipo kope lina usungitse kwa mphunzitsi wa kalasi. Anzako akaseka kapena kuwomba m'manja, ima, udikire atsirize, ndipo uyambirenso chiganizocho pachiyambi kuti a kumbuyo asachiphonye.