Wotchi yovala tsiku ndi tsiku: ya batire kapena ya otomatiki?

"Ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndipo sindifuna kumatulutsa foni m'kalasi kuti ndione nthawi. Ndasunga kandalama kogulira wotchi imodzi basi. Mnzanga akuti ndigule ya otomatiki poti sifuna batire. Nditani?"

Aphunzitsi, gulani ya batire. Ndikunena izi ngakhale kuti ineyo mawotchi a sipuling'i ndimawakonda kwambiri, moti ndili nayo imodzi yomwe ndimaisamala ngati dzira.

Mnzanuyo sananame, koma pali zimene sanakuuzeni. Wotchi ya otomatiki imayenda ndi sipuling'i yomwe imakungika mukamagwedeza mkono. Titenge Seiko 5 yakale ija, yokhala ndi makina otchedwa 7S26, yomwe ambiri amayambira poti ndi yotsikirapo mtengo. Sipuling'i yake ikakungika yonse imayenda maola pafupifupi 40. Ndiye mukaivula Lachisanu madzulo n'kuisiya pa tebulo, pofika Lamlungu masana yaima, ndipo Lolemba m'mamawa, muli pa liwiro la kuntchito, muyenera kuigwedeza ndi kutcheranso nthawi. Makina amenewa sakungika ndi kachitsulo kam'mbali kaja ayi, mpaka kugwedeza basi.

Nkhani yaikulu ndi ya kulondola. Wotchi yotere ikamathamanga kapena kutsalira ndi masekondi 20 pa tsiku, sikuti yawonongeka, ndi mmene imayendera. Koma werengani nokha: masekondi 20 kwa masiku 30 ndi masekondi 600, kutanthauza mphindi 10 pa mwezi. Kwa munthu woyang'anira mayeso, mphindi 10 si zosewera nazo. Ya batire ili ndi kamwala ka kwatsi komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kaŵirikaŵiri imaphonya ndi masekondi 15 mpaka 30 okha pa mwezi wathunthu. Pamene Seiko inatulutsa wotchi yapamkono yoyamba ya kwatsi mu 1969, mtengo wake unali wofanana ndi wa galimoto yaing'ono. Lero luso lomwelo lili mu Casio F-91W, kawotchi kakuda ka manambala kamene kanatuluka mu 1989, komwe batire lake, CR2016, limatha zaka pafupifupi 7.

Tsono pa za ndalama. Wotchi ya mivi ya batire nthawi zambiri imadya kabatire ngati SR626SW pa zaka ziŵiri kapena zitatu, ndipo aliyense wokonza mawotchi pamsika amasintha inu mutaima pomwepo. Ya otomatiki batire ilibe, inde, koma ili ndi mafuta omwe amauma. Pakapita zaka zingapo imafuna kumasulidwa yonse, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano, ndipo pa wotchi yotsika mtengo ntchito imeneyi imatha kudula pafupifupi ngati wotchiyo. Amisiri oidziŵa bwino ndi ochepanso. Yanga ndinaipereka kwa mmisiri wina amene anangotsegula kumbuyo n'kudonthezera mafuta a makina osokera. Patatha sabata inayamba kuthamanga ndi mphindi zambirimbiri pa tsiku, chifukwa mafutawo anamatitsa kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamene kamawongolera kayendedwe kake. Maginito amachitanso zomwezo: mukaona ya otomatiki yayamba mwadzidzidzi kuthamanga ndi mphindi zingapo pa tsiku, kumbukirani ngati munaigoneka pa sipika.

Ya batire nayo ili ndi mdani wake, ndipo ndi batire lomwelo. Likatha n'kusiyidwa m'katimo kwa miyezi, limatha kutulutsa timadzi tomwe timauma ngati mchere n'kudya makina. Mawotchi ambiri abwinobwino amafa choncho m'madirowa. Ena amachenjeza: muvi wa masekondi umayamba kudumpha masekondi aŵiri kapena anayi nthawi imodzi. Mukaona zimenezo, kasinthitseni sabata yomweyo. Posinthapo muyang'anitsitse kuti kalabala kozungulira kachivindikiro kabwerera m'malo mwake osapindika, chifukwa ndi komwe kamatchinga thukuta, fumbi la choko ndi mvula. Kakasoŵa, tsiku lina mudzaona nthunzi pansi pa galasi.

Pogula, tembenuzani wotchiyo muŵerenge kumbuyo. Yolembedwa 30M imapirira madontho a mvula ndi posamba m'manja basi, musaloŵe nayo m'bafa. Ngati thumba likulola, sankhani ya 50M kapena 100M. Musanalipire, kokani kachitsulo kam'mbali, zungulitsani mivi mpaka idutse 12 koloko kaŵiri, muone ngati deti ikusintha bwinobwino. Ndipo chenjerani ndi ma Casio abodza, omwe achuluka m'misika. Pa F-91W pali kayeso kosavuta: dinani batani la kumanja n'kuligwira kwa masekondi angapo, yeniyeni imalemba CASIo pa galasi. Ena abodza anaphunzira kutero, koma imene yalephera isiyeni pomwepo.