Musanatumize uthenga kwa malume, ukhale kalata

Inu amene mwangofika kumene kuno ku Joni, foni ikuzolowezani msanga kulemba mothamanga. Mumalemba muli m'tekisi, kapena pa mphindi zochepa zopuma kuntchito, ndipo anzanu amakumvani. Vuto limabwera tsiku limene nkhani ndi ya malume, mwini mbumba, inu n'kuwalembera ndi dzanja lomwelo.

Titenge nkhani imene pafupifupi aliyense amakumana nayo chaka choyamba. Kumudzi agwirizana zomanga chiliza cha agogo mu Ogasiti, anthu atakolola, ndipo aliyense wauzidwa kuti asonkhe komanso abwere. Mnyamata wa kwathu ku Dedza, amene tinkakhala naye nyumba imodzi, sakanatha kupita. Anandionetsa zimene anafuna kutumiza pa WhatsApp:

"Ankolo bho? Za chiliza zija ine sinditha kubwera, geni yavuta. Dola nditumiza month end. Muwauze amayi."

Mulibe bodza m'menemo, ndipo mnyamatayo sanafune kunyoza munthu. Koma ganizirani kumene uthengawo ukukafikira. Malume ambiri sawerenga okha pa foni. Amaitana mdzukulu kuti awawerengere mokweza pakhonde, mwina azakhali ndi akuluakulu ena ali pomwepo. Ndiye kuti zimene mwalemba zikamveka ngati mawu anu, pamaso pa anthu, kuchokera pakamwa pa mwana. Polemba muziganiza za khutu la anthu amenewo, osati za diso la mnzanu.

Choyamba kukonza ndi kaitanidwe ndi moni. "Ankolo" achoke, pabwere "Okondedwa Malume", kapena "Atsibweni" ngati kwanu mumatero. Ngati mumadziwa kuti amakonda kutchulidwa ndi mfunda wawo, monga Aphiri kapena Abanda, uikeni pothokoza. Dzina lawo lenileni musalilembe. Kenako funsani za moyo wawo musananene za inu, ndipo mufunse motchula anthu: azakhali, ana, mwendo umene unkawavuta. Moni wotchula zinthu umasonyeza kuti mtima wanu ukadali pakhomopo. Mizere iwiri kapena itatu yakwana.

Pamene ambiri amagwa ndi pa nkhani yeniyeniyo, ndipo apa ndikhalitsapo. Uthenga wa mnyamata uja ukulengeza chinthu chimene chatha kale: sindibwera, basi. Kwa mwini mbumba simupita ndi chigamulo, mumapita ndi nkhani kuti aimve, aiyeze, akumasuleni. Ngakhale mukudziwa kuti ulendo sutheka, mawu anu awasiyire malo oti anenepo kanthu. N'chifukwa chake timalemba kuti "ndimati ndikudziwitseni" kapena "ndati ndipemphe kuti mundimvetse", osati "sinditha" yekha. Chifukwanso chiyenera kukhala chenicheni. "Geni yavuta" sikunena kanthu, ndipo munthu wamkulu akamva mawu obisa chonchi amadzaza yekha mpatawo, kawirikawiri ndi zoipa: mwana uja walowerera, wayamba mowa, watiiwala. Nenani zoona zimene mungathe kunena pagulu. Ngati ntchito mwangoiyamba ndipo abwana sangakupatseni tchuthi, nenani zimenezo. Ulendo wa pabasi wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda mpaka kulowa pa Mwanza umadya masiku popita ndi pobwera, ndipo malume amene anaonapo anthu akupita ku Joni amadziwa zimenezi mukawakumbutsa. Zokhudza mapepala anu zokha musazilembe mwatsatanetsatane, poti uthenga wa pa foni umatumizidwa kwa anthu amene simunawaganizire. Zimenezo mukanene pakamwa.

Za ndalama zikhale zomveka ngati za pamsika. Nenani kuchuluka kwake, tsiku, njira, ndi amene akalandire. Mukalemba marandi okha, kumudzi amawerengera okha mu makwacha, nthawi zina mokweza, ndipo ikafika yochepa pamabuka mafunso. Choncho nenani kuti mudzawauza makwacha ake tsiku lotumiza. Ndipo musalonjeze zoposa thumba lanu pofuna kufewetsa nkhani ya kusabwera. Ndalama yochepa yofika pa tsiku lake imakusungirani ulemu kuposa yambiri yongomveka.

Pomaliza pali "Muwauze amayi". Mwana satuma malume ake. Amayi muwauze nokha, ndipo malume muwadziwitse kuti mwayamba ndi iwo.

Titakonza limodzi, kalatayo inatuluka chonchi:

"Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi ana onse pakhomopo. Mwendo uja ukupezako bwanji? Kunena za ine kuno, ndili bwino ndithu.

Uthenga wa chiliza cha agogo ndinaulandira, ndipo ndikuthokoza kuti mwatitsogolera pa ntchito imeneyi. Ndimati ndikudziwitseni za vuto limene ndili nalo. Ntchito imene ndikugwira ndaiyamba posachedwa, ndipo nditapempha tchuthi andiuza kuti sizitheka chaka chino. Zikundipweteka kuti pa tsiku la agogo ine ndisaoneke, choncho ndikupempha kuti mundimvetse ndi kundipepesera kwa akuluakulu onse.

Mbali yanga ya chopereka ndi R1,500. Nditumiza pa 31 Julayi kudzera ku Mukuru m'dzina lanu, ndipo tsiku lomwelo ndidzakuimbirani kuti ndikuuzeni makwacha ake. Ngati mukuona kuti pali china chimene ndiyenera kuchita, ndimva kwa inu. Amayi ndiwauza ndikamva yankho lanu.

Mundiperekere moni kwa onse. Zikomo kwambiri Aphiri.

Ine mwana wanu."

Onani kuti nkhani sinasinthe. Mnyamatayo sakubwerabe, ndalama ndi yomweyo. Koma tsopano malume ali ndi mawu oti akanene pabwalo akafunsidwa kuti mwana wa mlongo wanu ali kuti, ndipo akanena mutu uli m'mwamba.

Chenjerani ndi mbali inayo. Ena akamva zoti alembe mwaulemu amadzaza tsamba ndi madalitso, mavesi ndi kupepesa kosatha, mpaka wowerenga afika kumapeto malume asanamve ngati munthuyo akubwera kapena ayi. Ulemu usakwirire nkhani. Ndime ya moni, ndime ya vuto, ndime ya zimene muchite, kenako kutsanzika. Mawu olemba modula, Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu chimene mwatola kuntchito, ndi tizithunzi ta manja opemphera, zonsezo zichotseni, chifukwa mdzukulu wowerengayo adzakakamira pamenepo kapena adzaseka.

Musanatumize, werengani mokweza nokha. Pamene lilime lanu lachita manyazi, pamenepo ndiye pofunika kukonza. Tumizani ngati uthenga umodzi wathunthu, osati tizidutswa khumi, ndipo mutumize madzulo anthu atabwerako kumunda. Ngati malume alibe foni yolandira mauthenga otere, lembani papepala, mujambule, mutumize kwa wachibale wodalirika kuti akawawerengere okha kaye. Mawa lake imbani foni, mufunse ngati kalata yawapeza.

Yankho lidzakuuzani ngati mwalemba bwino. Akakuyankhani okha, ngakhale ndi mawu odandaula, nkhani yalandiridwa. Koma mukangomva kuti "tamva", kapena yankho likabwera kudzera kwa amayi anu, dziwani kuti pena pawakhumudwitsa. Pamenepo musalembenso kalata ina. Gulani mayunitsi okwanira, muimbe nthawi imene ali pakhomo, mupereke moni wonse, ndipo muwasiye ayankhule mpaka amalize musanayambe kufotokoza.