Fufutani zitatuzo, musiye chimodzi

"Anzanga, Lachinayi ndikukalankhula kwa akuluakulu a kampani ina yomwe imathandiza magulu a achinyamata. Pa silaidi yomaliza ndaikapo zopempha zinayi: ndalama, maphunziro, kuti atipezere misika, ndi kuti azititsatira pa Facebook. Zili bwino kapena ndichotseko?"

Achemwali, fufutani zitatuzo usiku womwe uno. Ndikulemba uku mtima ukuwawa, chifukwa ine zinandionekera chaka chatha ndipo mpaka lero ndikakumbukira chipinda chija thukuta limabwera.

Ife tili ndi gulu la ulimi wa tomato ndi anyezi ku Ntcheu. Chomwe chinatitengera ku Lilongwe chinali chimodzi: pampu ya sola, thanki ya malita 5,000 ndi mapaipi, zonse pamodzi K7,800,000. Anatipatsa mphindi 10 zolankhula, kenako mafunso. Ndinakonza masilaidi 12, ndipo yomaliza inali ndi mzere umodzi wa pampu ndi ndalama zake, zilembo zazikulu, fonti 44. Usiku wake kumalo ogona, a wapampando athu anabwereka laputopu kuti "angoonako pang'ono". Ine kutopa ndi ulendo wa minibasi, ndinagona.

M'mawa ndalankhula bwinobwino, anthu akugwedeza mitu. Bambo wina woyang'anira zachuma anafika pojambula ndi foni silaidi ya mitengo ya zipangizo. Mumtima ndikuti lero zatheka. Ndikudina komaliza, kutembenuka kuyang'ana pakhoma, mutu unaima. Pamwamba pali "Thank You" wamkulu ngati chikwangwani cha sitolo. Pansi pake mizere isanu: maphunziro, misika, kudzatiyendera kumunda, pampu, tsamba la Facebook. Pampu yakhala yachinayi, ndalama zija zachotsedwapo kuti mawu akwane. Ndipo mukudziwa khalidwe la PowerPoint, mukamawonjezera mizere m'bokosi limodzi imachepetsa yokha zilembo. Za pa 44 zija zinali zitatsika mpaka okhala kumbuyo ankachita kutsinzina diso limodzi kuti awerenge.

Silaidi imeneyo inakhala pakhomapo mphindi 15, nthawi yonse ya mafunso, kuposa nthawi yomwe ndinalankhula yonse. Ndipo mafunso ankatsata mndandandawo kuyambira pamwamba. Mayi wina anati maphunzirowo ndi osavuta, ali naye kale munthu wophunzitsa kalembedwe ka mabuku a ndalama. Mnyamata wina anatulutsa foni, n'kutsatira tsamba lathu pomwepo, n'kundionetsa akumwetulira ngati wandipatsa ng'ombe. Mlembi wawo akulemba zonsezo. Kenako bambo wa zachuma uja anavula magalasi n'kufunsa modekha kuti, "Pa zisanuzi, chimene mwabwerera kwenikweni ndi chiti?" Ine ndinati "pampu". A wapampando, nthawi yomweyo, mawu pamwamba pa anga, anati "misika". Chipinda chonse zii, pulojekita yokha ikumveka kulira. Bamboyo anatiyang'ana tonse awiri, anavalanso magalasi, n'kunena kuti mwina tikayambe tagwirizana kaye kwathu. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Patatha masabata awiri kalata inabwera: atipatsa maphunziro a masiku awiri. Chilimwe chonse amayi a m'gulu mwathu akutunga madzi ndi makeni kuchokera kumtsinje ngati kale.

A wapampando aja mpaka lero sanapepesepo. Akuti munthu ukapeza mwayi wokumana ndi mabwana umatchula zonse, kuti chimodzi chikakanika china chigwire. Munthu wosakonzapo silaidi ndi imodzi yomwe, wosapita nawo kukafunsa mitengo kumasitolo atatu dzuwa likuswa mtengo, koma kugwira laputopu ya eni usiku ndiye katswiri. Pobwerera mu minibasi ankachita kuuza anthu kuti zayenda bwino. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma apa anagwa ndi ife, iwo ali pampando pawo phee.

Chimene sankachidziwa n'chakuti anthu aja safuna kukukanani maso ndi maso. Mukawaikira zinthu zinayi, mwawapatsa khomo lotulukira mwaulemu. Amatola chotchipa, n'kupita kwawo mtima uli m'malo kuti akuthandizani. Kukutsatirani pa Facebook n'kwaulere. Kukupezerani misika ndi lonjezo loti palibe angadzawagwire nalo. Ndalama zokha ndi zimene zimafuna kuti wina asayine. Ndiye pa zinayi zanuzo, mukuganiza kuti atola chiti?

Silaidi yanu ikhale ndi chiganizo chimodzi chonena chochita, kuchuluka kwake ndi tsiku. Yanga ikanayenera kukhala: "Vomerezani K7,800,000 ya pampu ya sola pofika pa 30 Epulo, kuti tidzale tomato wa chilimwe." Pansi pake dzina la munthu mmodzi ndi nambala imodzi. Osati foni, imelo, WhatsApp ndi tsamba zonse pamodzi, zimenezonso ndi zopempha zinayi zobisala. Mawu ngati "tithandizeni" kapena "tigwirane manja" achotseni, mlembi sangalembe zimenezo ngati chigamulo. "Thank You" nenani ndi pakamwa. Ndipo onani kaye ngati anthu a m'chipindamo ali ndi mphamvu yochita chimene mukupemphacho. Ngati ndalama amavomereza ndi bodi ina, pempho lanu likhale loti aike nkhani yanu pa msonkhano wa bodi wotsatira, n'kukuuzani tsiku lake.

Muyese chonchi mawa: itanani mwana wa sekondale kapena neba, muonetseni silaidiyo masekondi asanu, tsekani laputopu, mufunseni kuti ndikupempha chiyani ndipo pofika liti. Akayamba ndi "mwina", kapena akatchula ziwiri, sinapse. Muimenso kutali, kukhomo kwa chipinda, muone ngati nambala ya ndalamayo ikuwerengeka.

China chaching'ono: dinani silaidi yomalizayo kumanzere kuja n'kupanga `Ctrl+D` kuti ikhale iwiri yofanana. Dzanja likamanjenjemera munthu umadina kawiri, sikilini n'kuda bii ndi mawu aja "End of slide show, click to exit." Mukatero mafunso onse achitika pempho lanu palibe pakhoma. Ndipo mukamaliza kukonza, laputopu mugone nayo kumutu.

Komabe, nditanena zonsezi, zitatu zinazo musazitaye kutali. Chilichonse chikhale ndi silaidi yakeyake kuseri kwa yomaliza, muzibise ndi `Hide Slide`, manambala ake mulembe pachikhatho. Akakana ndalama mosapita m'mbali, lembani nambala ya silaidi, mwachitsanzo 14, n'kudina `Enter`, ya maphunziro itulukira. Kunena chilungamo, maphunziro aja ine ndinapita nditakwiya koma anatithandiza, mabuku athu a ndalama pano ndi oti munthu akhoza kuwaonetsa kubanki osachita manyazi. Ndiye mwina a wapampando sanalakwe pa zonse, ngakhale sindingawauze zimenezo ndili moyo. Kungoti chachiwiricho muchitulutse atakana kale choyamba, asachione msanga.

Ngati mukupita awiri kapena atatu, gwirizanani Lachitatu madzulo kuti funso loti "chachikulu n'chiti" adzayankha ndani, enawo pakamwa potseka. Mukafuna, ikani chithunzi cha silaidiyo muno mukaikonza, ndiiona ndikaweruka kumunda.