Makhadi onyezimira apindika m'dzinja: mankhwala ake si kupsinja ndi mabuku

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira funso ili: "Achimwene anga a ku Joni anandibweretsera makhadi a Pokémon oposa 200. Ndimawasunga m'katoni ya nsapato kunsi kwa bedi, nditawamanga ndi timalabala. Chiyambire mvula, onyezimira aja apindika ngati chiwaya. Ndayesa kuwapsinja ndi mabuku koma akubwereranso. Kodi awonongekeratu? Nanga ndigule chiyani?"

Sanawonongeke ayi, bola ngati palibe mzere wa kuthyoka. Koma musanawerenge zambiri, pitani mukachotse timalabala tija. Labala amadya m'mphepete mwa khadi lapamwamba ndi lapansi, ndipo akakalamba amamatirira n'kusiya chipsera. Katoniyonso ichoke pansi, chifukwa simenti imatulutsa chinyontho ndipo katoni imamwa.

Tsopano za kupindikako. Khadi wamba ndi pepala mbali zonse ziwiri, ndiye likamwa chinyezi limafufuma mofanana, n'kukhalabe lowongoka. Lonyezimira lili ndi kachikopa kopyapyala ka pulasitiki ndi chitsulo kumaso kwake, pamene kumsana ndi pepala. Pepala limafutukuka mpweya ukanyowa, limanyala mpweya ukauma, koma kachikopa kaja sikasuntha. Mbali imodzi ikatalika inzake ili chomwecho, khadi silingachitire mwina, lipindika basi. N'chifukwa chake mabuku akukukanikani: mukulimbana ndi maonekedwe pamene madzi akadali m'pepalamo.

Ubwino wake, khadi limanena lokha chimene chikulivuta. Liikeni patebulo, chithunzi chiyang'ane kumwamba. Ngati m'mbali mwanyamuka, pakati pagona, ndiye kuti lamwa chinyezi. Ngati pakati patukuka ngati msana wa fulu, m'mbali muli pansi, ndiye kuti lauma kwambiri. Anuwo mwati akhala ngati chiwaya, ndipo ndi nyengo yamvula ku Zomba, choncho ndi chinyezi. Musadzadabwe makhadi omwewo akadzapindikira kwina mu Okutobala kukauma. Ndipo musaganize kuti mvula ikatha nkhani yatha, kumeneko chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsanso zinthu m'nyumba.

Ine zinandichitikira ndi makhadi 30, ndipo ndinachita motere. Ndinatenga kontena ya chakudya, ya mtundu uja wokhala ndi labala kuchivundikiro ndi zotsekera m'mbali. Ndinaikamo timapaketi ta silika, tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, tokwana mwina magalamu 20, pamodzi ndi kachipangizo koyezera chinyezi koyendera batire. Makhadi ndinawayala pa kapepala koyera, osawaunjika komanso osawaveka kanthu, kuti mpweya uwafike kumsana. Potseka, kachipangizo kankaonetsa 74 peresenti. Madzulo aliwonse ndinkasuzumira osatsegula. Pofika tsiku lachitatu kanali pa 48, ndipo makhadi ambiri anali atagona okha. Malo amene mukufuna ndi pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Chinyezi chikamakhalitsa pamwamba pa 65 kapena 70, nkhungu imayamba, ndipo timadontho take sitichoka.

Apa ndi pamene ambiri amapsa nazo. Amaona kuti silika wathandiza, ndiye amathira wodzaza dzanja n'kuiwalako mwezi wathunthu. Akadzatsegula, makhadi atukuka msana, auma mopitirira. Akafika powongoka chepetsani timapaketi, musiye kamodzi kapena tiwiri. Dziwaninso kuti silika amakhuta. Kapaketi kamene kakhala pamtunda miyezi ingapo kulibe chimene kangamwenso. Silika wina wogula amasintha mtundu akakhuta, wabuluu amasanduka wapinki, ndipo mungamuumitsenso mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa ola limodzi kapena awiri, mutamukhuthulira m'mbale yachitsulo. Koma khadilo musalionetse moto, ayironi kapena dzuwa, ngakhale wina akuuzeni kuti iye zinamuyendera.

Makhadi akawongoka m'pamene mukuwaveka, ndipo chitani zimenezi tsiku lomwelo, manja osamba ndi ouma. Mukaveka khadi lonyowa, chinyezi chimachedwa kutuluka. Timatumba tapulasitiki ta makhadi, timene osonkhanitsa amatitcha masilivu, timayendera muyeso. Khadi la Pokémon ndi mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, chimodzimodzi la masewera ena a makhadi otchedwa Magic. La Yu-Gi-Oh! ndi laling'ono, 59 kwa 86, ndiye silivu yake khadi lanu silingalowemo popanda kupweteka makona. Potumiza uthenga kwa achimwenewo, kapena pofufuza pa intaneti, lembani penny sleeves. Ndi otsika mtengo, amabwera 100 m'paketi, ndipo amapangidwa ndi pulasitiki ya polipuropilini imene siwononga inki. Polowetsa, tsegulani kukamwa kwa silivu ndi chala, lowetsani kona imodzi kaye, kenako inzake. Makona ambiri oyera amene ndawaona anawonongeka pa mphindi imeneyi, mwiniwake akufulumira.

Silivu imateteza ku mikwingwirima ndi thukuta la m'zala basi. Siiletsa khadi kupindika, ndipo siitseka mpweya chifukwa kumtunda ndi kotsegula. Khadi limene mumalikonda kwambiri lilowenso m'chikwama cholimba cha mainchi 3 kwa 4, dzina lake pofufuza ndi toploader. Dongosolo lake ndi silivu kaye, cholimbacho pambuyo, chifukwa khadi lamaliseche limakhulana ndi pulasitiki yolimba pamodzi ndi fumbi lililonse limene lalowa. Maganizo anga, pa makhadi 200 musawononge ndalama kugulira onse zolimba. Sankhani 15 kapena 20. Otsalawo, atavala masilivu, aimike chilili m'kontena muja ngati mabuku pashelefu, mothinana pang'ono kuti asatsamire, koma osati mpaka kuchita kukankha.

Ngati mukufuna alubamu yoonetsa anzanu, ija ya matumba 9 patsamba, pewani ziwiri. Masamba ofewa onunkha ngati chidole chatsopano kawirikawiri ndi a pulasitiki ya PVC yothira mafuta ofewetsa, ndipo m'kupita kwa nthawi mafutawo amatuluka, khadi n'kumatirira. Ina ndi alubamu ya mphete zachitsulo zozungulira: ikadzaza, masamba amatsetserekera pamphete ndipo makhadi a mzere wam'kati amadindika. Yosokedwa masamba, yolowetsera makhadi cham'mbali, ndiyo yabwino. Nayonso imafuna malo ouma, pashelefu yam'mwamba, osati kutsamira khoma lakunja kapena pafupi ndi denga lamalata pamene pamatentha masana n'kuzizira usiku.

Za kusuluka simunafunse, koma ndinene chifukwa kumeneko kulibe mankhwala. Ndinali ndi khadi limodzi limene ndinaliimika pawindo la kuchipinda kuti ndizilionera. Silinali lamtengo, ndinkangokonda chithunzi chake. Patapita miyezi ingapo ndinalifananitsa ndi linzake la m'bokosi: zofiira zinali zitayezuka, chikasu cha m'mphepete chitafwifwa, buluu yekha ndiye anatsala ndi mphamvu. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya inki, ndipo zofiira ndi zachikasu ndizo zimayamba kugonja. Silivu wamba ndi chikwama cholimba chija sizitchinga kuwalako. Zilipo zikwama zolembedwa kuti zimatchinga UV, cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, koma zimangochedwetsa. Lofuna kulionera muliike pakhoma pamene dzuwa silifika nthawi iliyonse ya tsiku, otsalawo akhale mumdima.

Chomaliza, onani bwino makhadi aja anali kunja kwa mpukutu uliwonse, amene labala ankawakhudza. Atembenuzeni pang'onopang'ono pansi pa getsi. Mukaona mzere woyera kapena pamene pabonyoka, pamenepo ulusi wa pepala unathyoka, ndipo silika sangaubweze. Amenewo muzisewerera, m'kontena mulowe enawo.