Kodi 6x yanga inathawira kuti? Za lamulo la tcheni pa mayeso a kakyulasi

"Aphunzitsi, pa mayeso a kakyulasi anatipatsa y = (3x² + 1)⁴ kuti tipeze dy/dx. Ine ndinalemba 4(3x² + 1)³ ndipo ndinatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo. Pepala litabwera ndinapeza andichonga molakwa, pambali atalemba kuti ndaiwala lamulo la tcheni. Lamuloli ndimalidziwa ndithu, koma aka ndi kachitatu kuliiwala pa mayeso. Nditani?"

Yankho lanu silinali lotayika lonse, linali theka la ntchito. Lolondola ndi 24x(3x² + 1)³, ndipo chomwe chinasowa ndi 6x basi, yochokera m'kati mwa mabulaketi. Koma ndikukayika ngati vuto lanu lili kuiwala. Ndaphunzitsa phunziroli kwa zaka zingapo, ndipo ambiri olakwitsa chonchi amatha kulakatula lamulolo ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku. Chimene chimawavuta ndi kuzindikira kuti funso lomwe lili pamaso pawo lili ndi fankishoni ina m'mimba mwa inzake.

Chizolowezichi chimayamba ndi mafunso osavuta. Mukapatsidwa (x + 5)⁴ n'kungotsitsa 4, kuchotsa 1 pa pawa, n'kulemba 4(x + 5)³, mwakhoza. Mwakhoza mwamwayi, chifukwa delivetivu ya x + 5 ndi 1, ndipo kuchulukitsa ndi 1 sikusintha kanthu. Mukachita mafunso khumi otere, dzanja limaphunzira kuti ntchito imathera pamenepo. Tsiku la mayeso, nthawi ikuthamanga, dzanjalo ndi limene limalemba, mutu uli kale pa funso lotsatira.

Tiyeni tione chifukwa chake 6x iyenera kukhalapo, pogwiritsa ntchito manambala enieni. Zam'kati mwa mabulaketi tizitche u, ndiye kuti u = 3x² + 1 ndipo y = u⁴. Tiime pa x = 1. Pamenepo u ndi 4, ndipo y ndi 256. Tsopano tisunthe x pang'ono kwambiri, ifike pa 1.001. Kodi u yasuntha ndi 0.001 nayonso? Ayi. Yafika pa 4.006003, kutanthauza kuti yasuntha pafupifupi 0.006, kasanu n'kamodzi kuposa mmene x yasunthira. Iyi ndiye 6x ija, pa x = 1. Kenako y imamvera u, osati x mwachindunji: u ikasuntha pang'ono, y imasuntha ka 4u³, komwe pano ndi ka 256. Choncho y yasuntha pafupifupi 256 kuchulukitsa ndi 0.006, yomwe ndi 1.536. Mukagawa ndi 0.001 mupeza 1536, ndipo ndi zomwe 24x(3x² + 1)³ imapereka pa x = 1. Yankho lanu limapereka 256 yokha. Munayankha funso lakuti y imasintha bwanji u ikasintha, pomwe anakufunsani za x.

Zili ngati njinga: mwendo umazunguza giya yakutsogolo, tcheni chimakoka giya yakumbuyo, ndiyeno tayala. Kuti mudziwe liwiro la tayala muyenera kuwerengera gawo lililonse. Katswiri wa masamu Gottfried Leibniz anatisiyira kalembedwe kamene kamaonetsa zimenezi poyera:

dy/dx = (dy/du) × (du/dx)

Olemba mbiri ya masamu amati iye mwini, pogwiritsa ntchito njirayi mu 1676, anaphonya chizindikiro mu kuwerengera kwake. Ndiye simuli pagulu loipa.

Nanga mungazindikire bwanji kuti funso likufuna lamuloli? Njira imene ndimaikonda ndi kuganiza kuti mwapatsidwa nambala, mwachitsanzo x = 2, ndipo mukufuna kupeza y pa kakyuleta. Muyamba ndi 2², muchulukitse ndi 3, muwonjezere 1, mupeze 13. Pomaliza penipeni mukweza 13 ku pawa 4. Chimene mwachita pomaliza ndiye fankishoni yakunja, ndipo zonse zimene munachita musanafike pamenepo ndiye yam'kati. Ngati chomwe chikulowa mu gawo lomalizalo si x yekhayekha, lamulo la tcheni likufunika. Mukatero, lembani u pambali pa pepala, ndi du/dx pansi pake, musanakhudze n'komwe fankishoni yakunja. Ena amati kulemba u n'kwa ana oyamba kumene. Ine ndimati mizere iwiriyo imadya masekondi khumi, ndipo ochonga ambiri amapereka malikisi a njira ngakhale yankho lomaliza litapotoka.

Mukamaliza, yankho lingathe kudziulula lokha ngati lili lolakwika. Pa funso lanu panali zizindikiro ziwiri zoonekera popanda kakyuleta. Choyamba ndi pawa yaikulu. Mutamasula mabulaketi a (3x² + 1)⁴, pawa yaikulu ya x ikanakhala 8, choncho mu delivetivu iyenera kukhala 7. Yankho lanu lili ndi x² wokwezedwa ku pawa 3, yomwe ndi 6. Pasowa x mmodzi penapake. Chachiwiri ndi mawonekedwe a galafu. Popeza x akupezeka ngati x² yekha, galafuyo ndi yofanana kumanzere ndi kumanja kwa x = 0, ndipo pa x = 0 ndi pomwe yatsika kwambiri, pa y = 1. Pansi pa chigwa sipatsetsereka, ndiye dy/dx iyenera kukhala 0 pamenepo. Ikani 0 mu yankho lanu, mupeza 4.

Chenjerani, njira yoona pawa yaikuluyi ili ndi malire. Pa (3x + 1)⁴, yankho lolakwika 4(3x + 1)³ ndi lolondola 12(3x + 1)³ onse ali ndi pawa 3, ndiye simudzaona kanthu. Apa chomwe sichinama ndi kuyesa ndi manambala monga tachitira pamwambapa: sankhani x, wonjezerani 0.001, pezani kusiyana kwa ma y awiriwo, gawani ndi 0.001. Pa funso lanu kakyuleta ipereka pafupifupi 1540. Siyofanana ndendende ndi 1536 chifukwa 0.001 si ziro, koma palibe amene angaisokoneze ndi 256. Musasankhe x yemwe angapangitse delivetivu yam'kati kukhala 1, apo ayi cholakwacho chibisala. Ndipo ngati muli sin kapena cos, kakyuleta ikhale pa RAD, chifukwa pa DEG ikunamizani ngakhale mwakhoza.

Komwe anthu amagwa kwambiri si pa mabulaketi oonekera ngati anuwa, koma pomwe kalembedwe kabisa zam'kati. Mu sin 5x kapena e^(3x) mulibe chokuchenjezani, komabe delivetivu zake ndi 5cos 5x ndi 3e^(3x). Onaninso sin(x²) ndi sin²x, zomwe zimaoneka ngati mapasa. Pa yoyamba mumamaliza ndi batani la sin, ndiye yankho ndi 2x cos(x²). Pa yachiwiri mumayamba ndi sin n'kumaliza ndi kukweza ku pawa 2, ndiye yankho ndi 2 sin x cos x.

Mayeso otsatira asanafike, tengani sin²(5x), yomwe ili ndi zigawo zitatu: 5x m'kati, sin pakati, pawa 2 kunja. Lembani zigawozo padera, pezani delivetivu ya chilichonse, muzichulukitse. Muyenera kufika pa 10 sin 5x cos 5x. Mukapeza 2 kutsogolo m'malo mwa 10, ndiye kuti mwasiya 5 wam'kati mwenimweni.