Chifukwa chake kapu imodzi ya khofi siikukwaniranso

"Kale kapu imodzi ya khofi inkandichotsera tulo, koma lero ndimamwa zitatu n'kumasinzabe. Chalakwika n'chiyani?"

Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mankhwala otchedwa adenosini amachuluka mu ubongo ndipo amamatirira m'timalo take pa maselo a mitsempha, zomwe zimabweretsa tulo. Kafeini, mankhwala opezeka mu khofi, poti amafanana ndi adenosini kapangidwe, amakhala m'timalo timeneti n'kumutsekereza, koma samuchotsa; n'chifukwa chake kutopa kumabwerera mwamphamvu kafeiniyo akachepa m'magazi, pakatha maola pafupifupi 5.

Mukamamwa tsiku lililonse, ubongo umazolowera ndipo umawonjezera timalo tija, motero kapu imodzi siitsekanso tokwanira. Chizindikiro chake n'chakuti tsiku limene simunamwe mutu umawawa. Ine ndingati muzichepetsa theka la kapu masiku angapo alionse, osasiya mwadzidzidzi.